Msonkhano umene unadikira mwezi

Lachiwiri pa 9 Epulo 2024, nthawi ya 2 koloko masana, ine ndi bwana wanga tinakhala mu ofesi ku Limbe maso ali pa laputopu, tikudziyang'ana tokha. Bwana anali atavala jekete, chinthu chimene sachita wamba kukatentha. Ine ndinali nditagula bandulo yapadera kuopa kuti intaneti ya mu ofesi ingatichititse manyazi. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi. Pa anthu atatu amene tinawaitana pa Zoom panalowa mmodzi yekha, ejenti wathu wa ku doko la Nacala, ndipo iyenso mawu ake oyamba anali akuti: "Achemwali, mwasankha bwanji sabata ino?"

Ndikufotokozereni kaye ntchito yanga, kuti muone pamene panagona vuto. Ndimagwira pa kampani yaing'ono yogula nandolo kwa alimi a ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu n'kumakagulitsa ku India. Nandolo amapakidwa m'makontena, amayenda pa njanji mpaka ku Nacala, ndiye n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Nhava Sheva, doko lalikulu la kufupi ndi Mumbai. Ogula ali ku Mumbai. Mkhalapakati amene anatilumikiza nawo, amenenso ndalama zimadzera kwa iye, ali ku Dubai. Ine ndine wa maimelo, wa mapepala ndi wokonza nthawi yoti anthu onsewa alankhulane. Ntchito imene anzanga amati ndi yofewa.

Kumapeto kwa Malichi, makontena athu asanu omaliza a nandolo wa chaka chinacho anafika ku India. Powatsegula, mwa awiri anapezamo anankafumbwe amoyo. Ogula anakana kutenga katundu mpaka tigwirizane za mtengo, ndipo ndalama yotsala anaigwira. Kontena ikafika pa doko imapatsidwa masiku owerengeka aulere, akatha amenewo mumalipira madola tsiku lililonse pa kontena iliyonse. Choncho nkhaniyi inali ngati mpopi wotseguka: munthu akugona, madzi akutayika. Pankafunika kuti anthu anayi alankhulane nthawi imodzi. Ogula anene zimene apeza, ejenti wa ku Nacala aonetse satifiketi yakuti katundu anafukizidwa mankhwala asanakwere sitima, mkhalapakati aweruze, bwana wanga avomere kapena akane.

Uthenga unabwera Lachinayi madzulo pa 28 Malichi. Mawa lake linali Lachisanu Loyera, Lolemba pa 1 Epulo linalinso tchuthi cha Pasaka, ndiye tinabwerera ku ntchito Lachiwiri pa 2 Epulo. Bwana anati, "Konza msonkhano msanga." Ine ndi ulemu wanga wa kusukulu ndinaganiza kuti anthu akuluakulu sumawadzidzimutsa, umawapatsa sabata yathunthu kuti akonzeke. Ndinatsegula kalendala ya pa foni, ndinaona kuti pa 9 Epulo ndi poyera bwinobwino, ndinatumiza linki. Palibe amene anadina kuti wavomera, koma palibenso amene anakana, ndipo ine kukhala chete kumeneko ndinakuwerenga ngati "inde".

Kalendala imene ndinayang'anayo inali ya Malawi.

Ejenti wa ku Nacala ndi wa ku Mandimba, kumalire, choncho Chinyanja amachidziwa bwino. Tsiku la manyazilo anatiwerengera sabata yonse ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Dzulo, iye anati, kuno sitinagwire ntchito, chifukwa pa 7 Epulo ndi tsiku la amayi a ku Mozambique, tsiku limene anamwalira Josina Machel mu 1971, ndipo chaka chino lagwa Lamlungu, ndiye tinapuma Lolemba. Ku Dubai anatseka dzulo lomwelo chifukwa cha Idi. Ku Mumbai lero ndi chaka chawo chatsopano. Ndipo ine amene, mawa kapena mkuja simundipeza, tikudikira mwezi.

Bwana anavula jekete n'kuikoleka pa mpando. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Ndiye tiwapeza liti?" Ndikanakonda akanandikalipira.

Apa mpamene ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwitsa kwachiwiriku ndi kumene kunandiphunzitsa zambiri. Usiku womwewo ndinaona kuti ku Dubai Idi ndi Lachitatu pa 10. Ndinati basi, Lachitatu adye mpunga wawo, Lachinayi pa 11 tikumane. Ndinatumiza linki ina. M'mawa mwake ogula a ku Mumbai anayankha mwachidule pa WhatsApp kuti Lachinayi sizitheka, ndi Idi, mabanki ndi maofesi a boma atseka. Ndinayang'ana foni kawiri. Idi ndi lero, si mawa. Kapena akutizemba?

Sankatizemba. Idi inalidi kawiri.

Chifukwa chake n'chakuti mwezi wa kalendala ya Chisilamu umakhala ndi masiku 29 kapena 30, ndipo suyamba chifukwa pepala lanena. Madzulo a tsiku la 29, dzuwa litangolowa, anthu amayang'ana kumadzulo kufuna kamwezi katsopano, kopyapyala ngati chikhadabo chowengedwa. Kakaoneka, mawa ndi mwezi watsopano. Kakapanda kuoneka, amawonjezera tsiku limodzi kuti akwane 30. Tsono dziko lililonse lili ndi anthu ake oyang'ana ndi akuluakulu ake olengeza. Mu 2024 a ku Dubai anayamba kusala pa 11 Malichi, a ku India pa 12. A ku Dubai anakwanitsa masiku 30 n'kuchita Idi pa 10 Epulo, a ku Mumbai anakwanitsanso 30 awo n'kuchita pa 11. Ngakhale m'dziko la India lomwelo sizinafanane, chifukwa ku Kerala, kum'mwera, mwezi anauona msanga ndipo anachita Idi pa 10.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti zonsezi ndinkazidziwa. Ndinakulira ku Balaka, ndipo nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya banja la Chisilamu. Ndili mwana ndinkaima nawo pa bwalo madzulo, tonse makosi m'mwamba, ana kumapikisana kuti ndani ayambe kuuona. Ndinkadziwa kuti mayi a m'nyumbamo sankanyika mpunga mpaka uthenga utamveka pa wailesi. Ngakhale kwathu kuno, tchuthi cha Idi boma limachita kulengeza mwezi ukaoneka, ndipo tonse timagona tisakudziwa ngati mawa tidzuke kupita ku ntchito. Koma nzeru imeneyi ndinaisiya ku Balaka pamodzi ndi zidole. Nditalowa mu ofesi ndinayamba kukhulupirira kuti chilichonse chofunika chili pa sikirini, ndipo kuti malo oyera pa kalendala ndiye kuti munthu alipo.

Ndinalakwitsanso poganiza kuti Idi ndi tsiku limodzi monga timachitira kuno. Ku Dubai chaka chimenecho makampani anapuma kuyambira pa 29 Ramadani mpaka tsiku lachitatu la mwezi wotsatira. Pa kalendala yathu, kumeneko kunali kuyambira Lolemba pa 8 mpaka Lachisanu pa 12 Epulo. Mukaphatikiza Loweruka ndi Lamlungu la kutsogolo ndi la kumbuyo, ndi masiku asanu ndi anayi ofesi ili yokhoma. Onani mmene analengezera: osati "pa 8 mpaka pa 12", koma m'masiku a mwezi wawo, kutanthauza kuti tsiku lobwerera ku ntchito nalonso linkadikira kumwamba. Mwezi ukanaoneka msanga, akanabwerera msanga.

Nanga chaka chatsopano cha ku Mumbai chija? Chimatchedwa Gudi Padwa, ndipo ndi tchuthi m'chigawo cha Maharashtra, kumene kuli Mumbai. Apa pali msampha wina. India ali ndi masiku atatu okha amene dziko lonse limapuma mosakambirana: 26 Januwale, 15 Ogasiti ndi 2 Okutobala. Ena ambiri amadalira chigawo, chifukwa chigawo chilichonse chimatulutsa mndandanda wake. Ukawonjezera tchuthi cha India pa kalendala ya foni, imakukhuthulira mayina ochuluka pafupifupi sabata iliyonse, koma siikuuza kuti ndi liti limene litsekadi ofesi ya munthu wako. Ndiye funso lakuti "kodi ku India kuli tchuthi?" ndi funso lopanda mutu. Munthu amene ukumufunayo sakhala "ku India", amakhala mu mzinda wakutiwakuti.

Nditaleka kuthamanga, ndinatenga pepala n'kulemba masiku onse kuyambira pa Pasaka, ndi mizere inayi: Limbe, Nacala, Dubai, Mumbai. Ndinadetsa tsiku lililonse limene wina mwa anayiwo kunalibe. Zimene zinatsala zinandiziziritsa m'mimba. Lachiwiri pa 2, Lachitatu pa 3 ndi Lachinayi pa 4 Epulo onse anayi analipo. Masiku atatu oyera, ndipo ine ndinawadumpha dala pofuna kuoneka waulemu. Lachisanu pa 5 linali lokayikitsa, chifukwa linali Lachisanu lomaliza la Ramadani ndipo anthu a ku Dubai anali kale mwendo umodzi panja. Kuchoka apo, tsiku loyamba loti onse n'kupezeka linali Lolemba pa 15. Ndiponso kampata kake kanali kakang'ono, chifukwa Lachitatu pa 17 ku Mumbai kunali tchuthi china, Ram Navami. Kuchokera pa 4 kufika pa 15 ndi masiku khumi ndi limodzi, makontena asanu ali pa doko, mita ikuyenda.

Nthawi imene ndinasankha ija, 2 koloko masana, nayo inali yolakwika ngakhale tsiku likanakhala labwino. Dubai ali patsogolo pathu ndi maola awiri, Mumbai ndi maola atatu ndi theka. Theka limenelo anthu ambiri amaliiwala, n'kulowa pa msonkhano mphindi 30 utayamba kale. Nacala yekha ndi amene tili naye nthawi imodzi. Choncho 2 koloko ya ku Limbe ndi 4 koloko ku Dubai ndi 5:30 madzulo ku Mumbai. M'mwezi wa Ramadani lamulo la ku Dubai limachotsa maola awiri pa tsiku la ntchito, ndiye mkhalapakati wathu ankatseka cha m'ma 3 koloko yawo, imene ndi 1 koloko yathu. Ine ndinkamuitana ola lathunthu ataweruka. Ndipo munthu amene akusala, monga ejenti wathu, amakhala ndi mphamvu m'mawa. Masana pakhosi pauma, kumukambitsa za anankafumbwe nthawi imeneyo n'kusamuganizira. Nthawi yabwino inali 9 koloko m'mawa kwathu: 11 koloko ku Dubai, 12:30 ku Mumbai, asanapite kokadya.

Pali kanthu kena kamene ndikakakumbukira ndimaseka ndekha. Pofuna kukonza mbiri yanga, pa 10 Epulo ndinalembera mkhalapakati wa ku Dubai uthenga wautali womufunira Idi yabwino, iye ndi banja lake lonse. Anayankha ndi kankhope koseka, n'kuthokoza, n'kunena kuti iye ndi Mkhristu wa ku Kerala, Pasaka wake anachita kale tsiku limodzi ndi ife. Ndinatenga dzina la mzinda n'kumuveka nalo chipembedzo. Koma sizikutanthauza kuti akanapezeka. Tchuthi cha masiku asanu ndi anayi ndi mpata umene anthu ochokera kunja amathamangira kwawo, ndipo iye anali kwa mayi ake, mapepala onse ali mu ofesi yokhoma, wowerengera ndalama wake nayenso atapita kwawo. Tchuthi chikakhala chachikulu chimanyamula ndi amene sapemphera nawo.

Ejenti wa ku Nacala anali mbali inayo ya nkhani yomweyo. Pa mndandanda wa tchuthi cha dziko la Mozambique, Idi palibe. Mukayang'ana kalendala yawo, tsikulo ndi loyera. Koma boma limapereka chilolezo kuti Asilamu apume, ndipo m'mbali mwa nyanja kumpoto kuja Asilamu ndi ambiri. Choncho kalendala inandinamiza mbali zonse ziwiri. Ku Dubai inatseka ofesi ya munthu amene sachita Idi, ku Nacala inasiya ofesi yotsegula koma munthu wake kulibe. Kalendala imadziwa za boma, za munthu siidziwa.

Masiku odikirawo foni yanga inkalira kuchokera kwina. Mayi amene amatsogolera gulu lina la alimi ku Phalombe anali ndi ndalama yotsala kwa ife, imene tinalonjeza kupereka katundu akalipiridwa. Ankaimba m'mawa uliwonse, mwaulemu, osakweza mawu. "Mwana wanga, zafika pati? Anzanga akundifunsa, ena akufuna matumba ndi mankhwala a chimanga, tayamba kukolola." Ndinkayankha kuti ogula ali pa tchuthi, amayi. Zinali zoona. Sindinawauze kuti panali masiku atatu amene ogulawo sanali pa tchuthi.

Msonkhano wa pa 15 Epulo unatha mphindi 40 zokha. Ejenti anaonetsa satifiketi, ogula anaonetsa zithunzi, anagwirizana kuti makontena awiriwo afukizidwenso komweko ndipo mtengo wake utsike pang'ono. Za ndalama ya masiku a pa doko anakangana kwambiri kuposa za anankafumbwe, ndipo mbali ina inagwera ife. Bwana atatseka laputopu anati, "Achemwali, ulemu wanu wa sabata imodzi uja ndi wodula." Anathera pomwepo.

Pepala la mizere inayi lija ndinalisunga, ndipo chaka chilichonse ndimalemba latsopano n'kulimata pa khoma. Masiku amene sasuntha, monga 6 Julaye wathu kapena 15 Ogasiti wa ku India, ndimalemba ndi cholembera cha inki, ndikungoyang'ana ngati agwa Lamlungu, chifukwa kwathu ndi ku Mozambique amatsetserekera Lolemba. Amene amasuntha koma amadziwika chaka chisanayambe, monga Pasaka, Gudi Padwa ndi Diwali, ndimawafufuza mwatsopano chaka chilichonse, osakopera a chaka chatha. Odikira mwezi ndimalemba ndi pensulo, ndipo ndimadetsa tsiku limodzi kutsogolo ndi limodzi kumbuyo. Amenewa amabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse, chifukwa chaka cha Chisilamu n'chachifupi kuposa chathu. Ku Dubai Idi yotsiriza Ramadani inali pa 21 Epulo mu 2023, pa 10 Epulo mu 2024, pa 30 Malichi mu 2025. Ndiye munthu amene anaphunzira kuti "Idi imakhala mu Epulo" waphunzira chinthu chimene chikuyenda, ndipo pakapita zaka adzaipeza ili mu Disembala, pakati pa nyengo yathu yotumiza katundu.

Lachisanu ndimangolisiya. Dubai anasintha mu 2022 n'kuyamba kupuma Loweruka ndi Lamlungu ngati ife, koma Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero ndipo maofesi a boma amaweruka msanga. Mzinda woyandikana nawo wa Sharjah, boma lake limapuma Lachisanu lonse. Ku Saudi Arabia amapumabe Lachisanu ndi Loweruka, Lamlungu ali pa ntchito. Msonkhano wofunika ndimauika pakati pa Lolemba ndi Lachinayi, basi.

Koma pepala palokha silikanandipulumutsa, chifukwa silikanandiuza za mkhalapakati amene ali kwa mayi ake. Chimene chinasintha kwambiri ndi kafunsidwe kanga. Sindifunsanso munthu kuti "kodi pa 9 muli pa tchuthi?" chifukwa amayankha za tsiku limenelo lokha. Sindifunsanso za chipembedzo chake, si nkhani yanga. Ndimafunsa kuti tsiku lanu lomaliza mu ofesi ndi liti, mubwerera liti, ndipo inu kulibe angasaine ndani? Mafunso atatuwa amatulutsa zonse: ulendo wa kumudzi, banki yotseka, mnyamata wa mapepala amene wapita ku ukwati. Pa uthenga woitanira ndimalemba dzina la tsiku, deti, ndi nthawi ya mzinda uliwonse payokhapayokha, kuti wina asachite masamu m'mutu. Ndipo munthu akakhala chete sindiwerenganso kuti wavomera. Chete wa pa 2 Epulo uja unali wa anthu amene anaona linki n'kuganiza kuti mwina ndalakwitsa deti, ndikonza ndekha.

Nkhani ikakhala yoti ndalama ikutayika tsiku ndi tsiku, ndimaitanira mawa. Ndinapeza kuti anthu a malonda sakwiya ukawadzidzimutsa, bola unene chifukwa chake.

Mu Okutobala chaka chomwecho nandolo watsopano anali pa chimake. Pepala langa linali lokonzeka: pa 2 India, pa 4 Mozambique, kumapeto kwa mwezi Diwali, zonse zolembedwa bwino. Lachiwiri pa 15 ndinali ku Balaka, ndakhala pa mkeka, mayi anga akufunyulula chitenje chimene ndinawagulira n'kumachiyang'anitsa pa dzuwa ngati sichisuluka. Foni inalira. Ogula a ku Mumbai, pa WhatsApp, kenako mkhalapakati, kenako ogula aja kachiwiri. Ankafuna tigwirizane mtengo wa makontena khumi Diwali isanafike, ndipo ku ofesi ya ku Limbe palibe amene ankayankha.

Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala ndikufunsa aliyense za tchuthi chake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuuza kuti ku Malawi pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala ndipo dziko lonse limatseka.

Ndinalemba uthenga wopepesa, n'kufotokoza, n'kupereka 9 koloko ya mawa lake, 11 koloko, 12:30. Yankho linabwera msanga. Anati sankadziwa kuti kuli dziko limene limatseka maofesi chifukwa cha amayi, ndipo ndiwaperekere moni. Ndinapereka. Mayi anapinda chitenje chawo, n'kufunsa kuti anthu amenewa ndi omwe aja amagula nandolo yense uja? Ndinati eya. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Nanga amadyera chiyani, poti nsima alibe?"